Tsiku limene chiwongolero chinasamukira kumanzere

Minibasi ija ndinaiumba pa kompyuta kwa milungu itatu, madzulo ndikaweruka kuntchito. Ndinkaumbira mu Blender, pulogalamu yaulere imene anthu ambiri amapangira zinthu zooneka ngati zogwirika monga nyumba, magalimoto ndi anthu a m'makatuni. Ndinaikamo zonse zimene minibasi ya kwathu kuno imakhala nazo. Chiwongolero chinali kumanja, chitseko chokoka chimene kondakitala amaimapo chinali kumanzere, ndipo pamwamba pa galasi lakutsogolo ndinaumbapo zilembo zisanu zonena kuti LIMBE. Cholinga chinali choti iziyenda m'kasewero ka pa foni kamene ndinkakonza mu Unity, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsera masewero omwe eni ntchitoyi amangowatchula kuti injini.

Tsiku loisamutsa ndinaisunga mu fayilo ya mtundu wa glTF, kenaka ndinalemba ndekha kapulogalamu kowerenga manambala a mu fayiloyo n'kuwapereka ku Unity. Minibasi inatulukira pa sikirini itaima bwinobwino, matayala ali pansi, utoto uli mbee. Ndinali nditayamba kale kudzitama pamene mnzanga amene anaima kumbuyo kwanga anafunsa kuti, "Achimwene, anthu azikwerera pakati pa msewu?"

Chitseko chinali kumanja. Chiwongolero chinali kumanzere. LIMBE ankawerengeka chobwerera m'mbuyo, mmene mawu amaonekera pa kalilole. Ndinayang'ana manambala limodzi ndi limodzi, ndipo panalibe ngakhale limodzi lomwe linasintha panjira. Zinanditengera usiku wonse kuti ndimvetse kuti cholakwacho chinali chimenecho: manambala ankayenera kusintha, ine sindinawasinthe.

Manambala atatu a malo

Kompyuta sidziwa chiwongolero. Imadziwa timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu onena pamene kali. Imirirani pangodya ya chipinda, pansi, pomwe makoma awiri amakumana ndi simenti. Kuchokera pamenepo pali mizere itatu: umodzi ukutsata khoma lina, wachiwiri ukutsata khoma linzake, wachitatu ukukwera kudenga. Babu la magetsi mungalilozere munthu pongonena kuti lili mamita awiri potsata khoma ili, mamita atatu potsata khoma ilo, ndi mamita awiri ndi theka chokwera. Mizere itatuyi imatchedwa X, Y ndi Z. Nambala ikakhala ndi mainasi ndiye kuti chinthucho chili mbali inayo ya poyambira.

Masamu sanena kuti mzere wokwera kudenga ukhale uti. Sanenanso kuti manambala azikulira mbali iti. Aliyense wolemba pulogalamu anasankha yekha, ndipo anasankha mosiyana. Zosankhazo zilipo ziwiri, ndipo ndi bwino kuzilekanitsa chifukwa zimabala mavuto osiyana kwambiri.

Choyamba ndi chakuti kumwamba n'kuti. Wojambula pulani ya nyumba amayala pepala pa tebulo. X ndi Y zimakhala pa pepalapo, ndiye msinkhu wa khoma umatsalira Z. Mapulogalamu monga Blender, 3ds Max ndi Unreal amaganiza motero: Z ndiye kumwamba. Koma munthu woyang'ana sikirini yoimirira amaona X ikupita cham'mbali, Y ikukwera, ndipo Z imatsalira kuya kwa chithunzi. Maya, Unity, Godot ndi fayilo ya glTF zili mbali imeneyi: Y ndiye kumwamba. Onse akulondola, aliyense pakhomo pake.

Dzanja lamanja, dzanja lamanzere

Chosankha chachiwiri ndicho chobisika. Tambasulani dzanja lanu lamanja, chikhatho chikuyang'aneni. Chala chachikulu chiloze kumanja kwanu, chimenecho ndi X. Chamkombaphala chiloze kumwamba, chimenecho ndi Y. Tsopano pindani chala chapakati chiime chokha pachikhathopo. Chikuloza kumaso kwanu, ndipo chimenecho ndi Z. Yesani zomwezo ndi dzanja lamanzere. Kuti chala chachikulu chiloze kumanja, chamkombaphala kumwamba, chikhatho chiyenera kuyang'ana kutsogolo, ndipo chala chapakati chiloza kutali ndi inu.

X ndi Y zili pomwepo m'manja onse awiri, koma Z yasiyana kolowera. N'chifukwa chake pulogalamu iliyonse amati ndi ya dzanja lamanja kapena ya dzanja lamanzere. Blender, Maya, 3ds Max, Godot ndi glTF ndi za dzanja lamanja. Unity ndi Unreal ndi za dzanja lamanzere. Kugawanikaku kunayamba kalekale, ndipo kumaonekanso m'zida ziwiri zikuluzikulu zojambulira pa sikirini: mwambo wa OpenGL ndi wa dzanja lamanja, pamene wa Direct3D ya Microsoft unazolowereka ndi lamanzere.

Kusiyana kwa zosankha ziwirizi kumaoneka bwino pa patapata. Mukapeza patapata ya kumanja itagadabuzika kapena italoza kukhomo, mumangoitembenuza ndi phazi n'kuvala. Koma mukapeza ya kumanzere, itembenuzeni mmene mungathere, muigoneke, muiimike, muizunguze tsiku lonse, siidzasanduka ya kumanja. Chimene chimaisandutsa ndi kalilole basi.

Kusamvana pa za kumwamba kuli ngati patapata yogadabuzika. Chinthu chimafika chitagona kapena chitazondoka, koma chikadali chomwecho, ndipo kuchitembenuza ndi madigiri 90 kumathetsa nkhani. Kusamvana pa za dzanja kuli ngati kulandira patapata ya phazi lina. Chinthu chimafika chitasanduka chithunzi cha pa kalilole, ndipo palibe kutembenuza kumene kungachibweze. Munthu akaona kuti chinthu chake chafika molakwika, funso loyamba likhale lakuti: kodi chatembenuka, kapena chalowa m'kalilole? Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo mankhwala a vuto lina amakulitsa vuto linalo.

Tilondole chiwongolero

Tiyeni titenge kadontho kamodzi, kapakati pa chiwongolero, tiyende nako ulendo wonse.

Mu Blender mwambo ndi woti chinthu chiziyang'ana ku mainasi Y, chifukwa mukapempha kuona kumaso kwa chinthu, pulogalamuyo imakuimikani mbali imeneyo. Minibasi ikayang'ana kumeneko, kumanzere kwake kumakhala ku X ndipo kumanja kwake kumakhala ku mainasi X. Poyambira ndinaika pansi, pakati pa galimoto. Chiwongolero chinali masentimita 40 kumanja kwa pakatipo, mamita 1.8 kutsogolo, ndi mamita 1.2 kuchokera pansi. Manambala ake mu Blender anali awa, motsatana X, Y, Z:

```
Blender   (-0.4, -1.8,  1.2)
```

Mtundu wa fayilo wa glTF 2.0, umene bungwe la Khronos linatulutsa mu 2017, uli ndi ubwino woti malamulo ake ndi olembedwa momveka: dzanja lamanja, Y kumwamba, kumaso kwa chinthu ku Z, ndipo nambala 1 ndi mita imodzi. Blender ikamasunga fayilo yotere, bokosi lolembedwa `+Y Up` litachongedwa, imatenga Z yake n'kuiika pa malo a Y, ndipo imatenga Y yake n'kuiika pa malo a Z itaisintha chizindikiro.

```
(x, y, z) -> (x, z, -y)
glTF      (-0.4,  1.2,  1.8)
```

Uku ndi kutembenuza chabe, madigiri 90 mozungulira mzere wa X. Chiwongolero chikadali kumanja, chifukwa m'dziko la glTF chinthu choyang'ana ku Z kumanja kwake ndi ku mainasi X.

Apa m'pamene ndinagwera. Mu Unity namonso Y ndi kumwamba ndipo Z ndi kutsogolo. Nditaona kuti ziwirizi zikufanana, ndinaganiza kuti zonse zikufanana, ndiye ndinapereka manambala aja mmene analili. Koma Unity ndi ya dzanja lamanzere. Chinthu choyang'ana ku Z kumanja kwake ndi ku X, osati ku mainasi X. Nambala yomweyo, -0.4, imene mu glTF inkatanthauza kumanja, mu Unity inatanthauza kumanzere. Kadontho kalikonse ka minibasi kanawolokera tsidya lina, chitseko ndi zilembo zomwe. Manambala oyenera anali awa:

```
Unity     ( 0.4,  1.2,  1.8)
```

Mainasi mmodzi yekha ndiye anasamutsa chitseko. Unity ikamawerenga yokha fayilo ya FBX yochokera ku Maya kapena ku Blender imachita zimenezi mwakachetechete: imasintha chizindikiro cha X iliyonse. N'chifukwa chake anthu ambiri amagwira ntchito zaka osadziwa kuti pali malire amene katundu wawo amawoloka. Vutoli limaonekera amene akudzilembera chowerengera chake, kapena amene akukopera pamanja malo a mitengo, makamera ndi nyale kuchokera pulogalamu ina kupita ku inzake.

Tikanapita ku Unreal, ulendo ukanakhala wina. Kumeneko Z ndi kumwamba ngati mu Blender, ndiye palibe chogoneka kapena kuimika. Koma dzanja ndi lamanzere, choncho chizindikiro cha Y chimasintha, ndipo muyeso wake ndi wa masentimita. Chiwongolero chikanafika pa (-40, 180, 120), chili kumanja ndithu, koma minibasi ikuyang'ana ku Y pamene Unreal amati kutsogolo ndi ku X. Ukaiuza kuti ipite patsogolo, ikanayenda chammbali ngati nkhanu. Limeneli ndi vuto la kutembenuka, ndipo limatha poizunguza ndi madigiri -90 pa mzere wa Z. Ngakhale chidole chija chimene Unreal amapereka m'sewero lake lachitsanzo chimakhala chozunguzidwa ndi -90 pa chifukwa chomwechi.

Kuwerenga kokhala ndi zala basi

Pali njira yodziwira ngati kasinthidwe ka manambala n'kolondola musanatsegule n'komwe injini. Werengani zinthu ziwiri: kangati mwasinthanitsa mizere iwiri malo, ndi kangati mwasintha chizindikiro. Phatikizani. Mukapeza nambala yogawika pawiri popanda chotsala, monga 0, 2 kapena 4, dzanja silinasinthe. Mukapeza 1 kapena 3, dzanja lasintha.

Kuchoka mu Blender kupita ku glTF tinasinthanitsa Y ndi Z kamodzi, n'kusintha chizindikiro kamodzi. Zakwana 2, ndipo n'zoyenera chifukwa onse awiri ndi a dzanja lamanja. Kuchoka ku glTF kupita ku Unity pamafunika 1, ine ndinachita 0. Kuchoka mu Blender kupita ku Unreal ndi 1. Lamulo lake ndi lalifupi: pakati pa mapulogalamu a dzanja limodzi pafunika nambala yogawika pawiri, pakati pa a manja osiyana pafunika yotsala imodzi. Mukasemphanitsa, mwalandira patapata ya phazi lina. Amene anaphunzira masamu a sekondale a matirikisi adziwa kuti uku ndi kuyang'ana ngati ditaminanti ili 1 kapena -1, koma zala zimakwanira.

Kuwerengaku kumavundukula msampha wa langizo lina lofala, loti ukachoka kwa a Z kumwamba kupita kwa a Y kumwamba uzingosinthanitsa Y ndi Z. Kusinthanitsa kokhako ndi 1. Chiwongolero chathu chimakhala pa (-0.4, 1.2, -1.8). Manambala amenewa mukawapereka ku Unity, minibasi ifika yolongosoka, chiwongolero kumanja, kungoti yafulatira, ikuyang'ana ku mainasi Z. Manambala omwewo mukawalemba mu fayilo ya glTF, minibasi yalowa m'kalilole. Langizo limodzi lomwelo limathandiza kwina n'kuwononga kwina, ndipo wolipereka nthawi zambiri sanena kuti iyeyo ankapita kuti.

Makoma atasowa

M'mawa mwake ndinasintha chizindikiro cha X, ndikuyembekeza kuti nkhani yatha. Chiwongolero chinabwereradi kumanja ndipo LIMBE anawerengeka. Koma minibasi inakhala ngati yasendedwa. Khoma loyandikana ndi kamera silinkaoneka, m'malo mwake ndinkaona mkati mwa khoma la tsidya linalo. Ndikazungulira mbali ina, khoma lija linkaonekera ndipo linzake linkasowa.

Chifukwa chake chili m'kamangidwe ka chikopa cha chinthu. Timadontho tija timalumikizidwa titatutitatu kupanga tizidutswa ta ngodya zitatu, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi kumaso ndi kumsana. Pofuna kupulumutsa mphamvu za makina, injini imajambula tizidutswa toonetsa kumaso tokha. Toonetsa kumsana imatidumpha, poti pa chinthu chotsekeka timakhala tobisika kale. Ndiye injini imadziwa bwanji kumaso? Imayang'ana mndandanda wa ngodya zitatuzo. Ikachoka pa ngodya yoyamba kupita pa yachiwiri ndi yachitatu, imaona ngati ikuzungulira mmene mivi ya wotchi imayendera kapena mosemphana nayo. Mu glTF, kumaso ndi komwe ngodyazo zimazungulira mosemphana ndi wotchi. Mu Unity, kumaso ndi komwe zimazungulira motsata wotchi.

Tsopano onani chinyengo chake. Tsiku loyamba lija, kalilole anatembenuza kazunguliridwe ka tizidutswa tonse, ndipo mwangozi tinagwirizana ndi zimene Unity imafuna. Minibasi yolakwika inaoneka yathanzi, yopanda banga lililonse. Nditachotsa kaliloleyo, tizidutswa tinabwerera ku kazunguliridwe ka glTF, Unity n'kuona kunja konse ngati kumsana. Choncho kuwoloka malire a dzanja ndi ntchito ziwiri zoyendera limodzi: kusintha chizindikiro cha mzere umodzi, ndi kusinthanitsa ngodya ziwiri pa kachidutswa kalikonse.

```
v.x = -v.x;
(t[i + 1], t[i + 2]) = (t[i + 2], t[i + 1]);
```

Mzere woyamba umachitika pa kadontho kalikonse, komanso pa timivi tosonyeza kunja timene kuwala kumawerengedwera. Wachiwiri umachitika pa kachidutswa kalikonse. Mukachita woyamba wokha, makoma asowa. Mukapanda kuchita onse awiri, zonse zioneka bwino koma chitseko chili kumsewu. Cholakwa choopsa ndi chachiwirichi chifukwa sichikuwa. Mpira, tebulo, mbiya kapena mtengo zikalowa m'kalilole palibe amene angazindikire. Sewero likhoza kudzaza ndi katundu wotere, mpaka tsiku limene wina adzaikamo wotchi ya pakhoma kapena mapu a dziko, Nyanja ya Malawi n'kupezeka ili kumadzulo.

Panatsala chilema chimodzi chomwe chinaonekera minibasi itayamba kuyenda. Matayala ankagudubuzika bwino, koma pokhota, akutsogolo ankaloza kumanja pomwe ndinawakonza kuti aloze kumanzere. Kuzungulira nakonso kuli ndi dzanja. Lozani chala chachikulu kumene mzere ukupita, zala zinazo zipindike: kumene zapindikira n'kumene madigiri amakulira. Dzanja lamanja ndi lamanzere zimapindikira kosiyana. Madigiri 30 pa mzere wa Y amakhotetsa minibasi ya mu glTF kumanzere, pamene 30 yemweyo mu Unity amaikhotetsa kumanja. Ukasintha chizindikiro cha X, madigiri ozungulira pa X amakhala mmene analili, koma a pa Y ndi a pa Z amasintha chizindikiro. N'chifukwa chake kugudubuzika kunapulumuka koma kukhota kunasokonekera.

Nambala yodziwika ya -89.98

Anthu ambiri sadzilembera chowerengera. Amasunga fayilo ya FBX mu Blender n'kuiponya mu Unity, ndipo za dzanja zonse zimakonzeka zokha. Iwowa amakumana ndi vuto lina, la banja la kutembenuka. Chinthu chimafika chitaima bwino, koma ukayang'ana pa `Rotation` umapeza X ili pa -89.98 kapena -90, nthawi zina `Scale` ili pa 100.

Chimene chachitika n'chakuti timadontho sitinasinthidwe kuti tiime. Tikadali chigonere, Z kumwamba, monga mu Blender, ndipo fayiloyo yangowonjezera lamulo loti chinthu chonsecho chiimikidwe ndi madigiri 90. Zili ngati bedi limene laimikidwa chotsamira khoma: laima inde, koma miyendo yake ikuloza cham'mbali. Kambiri ka 0.02 kosowako kamabwera chifukwa cha kusakwanira kwa manambala a kompyuta posandutsa kuzungulira kukhala madigiri atatu oonetsa pa sikirini, makamaka pafupi ndi 90 pomwe kusandutsako kumavuta. Ndipo 100 uja amabwera chifukwa FBX imawerengera masentimita pamene Blender ndi Unity zimawerengera mamita.

Chinthu chongokhala, monga nyumba, sichivutika nazo. Mavuto amayamba ukafuna kuchiyendetsa. Ukalemba lamulo loti minibasi ipite kumene mzere wake wa Z ukuloza, imanyamuka kupita kumitambo, poti Z yakeyo ikuloza kudenga. Ukalemba lamulo lobweza kuzungulira kwake pa 0, imagona mphuno pansi.

Njira zokonzera zilipo zingapo, ndipo chofunika n'kusankha imodzi. Musanasunge fayilo, dinani `Ctrl+A` mu Blender n'kusankha `Rotation & Scale`, kuti kuzungulira kukhale pa 0 ndipo kukula kukhale pa 1. Kenaka mungachonge `Apply Transform` posunga FBX, ngakhale Blender yeniyo imachenjeza kuti bokosi limeneli n'loyesera chabe ndipo limavuta pa zinthu zokhala ndi mafupa oyendetsera. Kapena mungasiye za ku Blender mmene zilili, n'kuchonga `Bake Axis Conversion` mu Unity, limene linabwera ndi Unity 2020.1 ndipo limasintha timadontho tenitenito pofika. Mukachonga, yang'anani kumene chinthu chikuloza, chifukwa chikhoza kuima bwino koma chitafulatira. Njira yachitatu ndi yachikale koma siikhumudwitsa: ikani minibasi mkati mwa chinthu chopanda kanthu chimene kuzungulira kwake kuli pa 0, ndipo malamulo onse oyendetsa azilankhula ndi chakunjacho.

Pali njira imodzi yachidule imene imakopa aliyense woona chinthu cha m'kalilole: kulemba -1 pa `Scale` ya X. Pa maso imagwira, chiwongolero chimabwerera. Koma mainasiyo amatsikira kwa ana onse a chinthucho, ndipo zida zina sizimulandira. Mwachitsanzo `BoxCollider` ya Unity, bokosi losaoneka lija limene limaletsa galimoto kudutsa m'khoma, imachenjeza kuti siigwira ndi kukula kwa mainasi. Mainasi yemweyo amavutitsanso mu Blender. Munthu amaumba galasi loonera kumbuyo la kumanja, n'kulikopera kumanzere ndi -1, kenaka akadina `Ctrl+A` tizidutswa take tikhoza kutsala titayang'ana mkati. Mu Blender sizioneka msanga chifukwa imajambula mbali zonse ziwiri. Yatsani `Face Orientation`: paliponse pofiira ndi kumsana. Sankhani tizidutswato, dinani `Shift+N`, tibwerere kuyang'ana kunja.

Mlendo woyamba kuwoloka

Kuyambira nthawi imeneyo, ndisanasamutse katundu kupita ku pulogalamu yatsopano, ndimatumiza kaye kachinthu kamodzi koyesera. Ndi bokosi la mita imodzi mbali zonse, ndipo pamaso pake ndinaumbapo chilembo F. Ndinasankha F chifukwa sichifanana ndi chithunzi chake cha pa kalilole mbali iliyonse. Chilembo A kapena T chikalowa m'kalilole wa kumanja ndi kumanzere chimaoneka chimodzimodzi, E naye sasintha pa kalilole wa pansi ndi pamwamba, koma F amaulula zonse. Pamwamba pa bokosilo pali kamuvi koloza kutsogolo.

Bokosi likafika ndimalifunsa mafunso anayi, motsatana. Kodi F akuwerengeka ndikamuyang'ana kumaso, ngakhale atagona kapena atazondoka? Akakana ndiye kuti ndi vuto la dzanja, ndipo sindikhudza za madigiri mpaka litatha. Kodi makoma onse akuoneka kuchokera kunja? Akasowa, ndi mndandanda wa ngodya. Kodi kamuvi kakuloza kutsogolo kwa injiniyo, pamwamba pali pamwamba, manambala a `Rotation` ali pa 0? Pomaliza, kodi bokosi ndi lalitali mita imodzi, kapena lasanduka nyumba yosanja kapenanso kambewu ka mtedza? Dongosolo la mafunsowa lili ndi chifukwa. Munthu woyamba ndi madigiri pa chinthu cha m'kalilole amatha masana onse akuzunguza, chiwongolero chikabwera kumanja minibasi yazondoka, akaiimika chabwereranso kumanzere.

Zikadziwika, kukonza kuchitike pamalo amodzi, pamalire pomwe fayilo ikuchoka kapena pomwe ikulowa, ndipo zochongachonga zake zilembedwe kuti aliyense wa m'gulu azitsata zomwezo. Zimene zimasokoneza magulu ambiri ndi kukonza kawiri. Woumba waona kuti katundu wake amafika atagona, ndiye wayamba kumugoneka dala mu Blender kuti akaime kutsidya. Wa ku injini naye, osadziwa, wachonga bokosi loimika. Madigiri 90 awiri akwana 180, minibasi yafika itagonanso, ulendo uno mbali inayo, ndipo aliyense akulumbira kuti mbali yake anakonza.

Minibasi yanga pano imayenda kumanzere kwa msewu, chitseko chili kumbali ya okwera. Mnzanga uja atabweranso anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, anawerenga LIMBE mokweza, kenaka anandipempha kuti nditsegule chitseko aone mkati. Mipando inali bwino. Koma kondakitala, amene ndinamutenga ku fayilo ina yakale ndisanakonze kapulogalamu kanga, anali ataima pamalo pake akulandira ndalama ndi dzanja lamanzere. "Ameneyu," anatero mnzangayo, "agogo akakwera amubwezera ndalama yake."